Masiku 16 ndi theka

Munthu wolembedwa ntchito ya masiku asanu ndi limodzi pa sabata amapata tsiku limodzi ndi theka la tchuthi pa mwezi uliwonse umene wagwira. Masiku amenewa salira m'thumba monga malipiro, ndipo palibe amene amamuitana pa mapeto a mwezi kuti adzawasainire, koma amaunjikana ndithu. Lamulo la za ntchito la m'dziko muno, limene lidakhazikitsidwa mu 2000, limanena pa gawo 44 kuti wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata ayenera kupuma masiku antchito osachepera 18 pa chaka akulandira malipiro ake onse, ndipo wogwira masiku asanu ayenera kupuma masiku osachepera 15. Mukagawa 18 ndi miyezi 12 mupeza tsiku ndi theka lija. Mukagawa 15 mupeza tsiku ndi kota. Manambala awiriwa amaoneka ngati akukondera mbali imodzi, pamene onse akunena chinthu chimodzi: masabata atatu. Wa masiku asanu ndi limodzi amapatsidwa atatu owonjezera chifukwa Loweruka lililonse limene wakhala kunyumba limamudyera tsiku.

Ine ndine kalaliki wosunga katundu pa golosale ina yaikulu ya mu mzinda wa Zomba, ndipo kwathu ndi ku Likangala, kwa Mfumu Yaikulu Mwambo. Mtsinje wa Likangala umachokera m'phiri la Zomba, n'kudutsa mu mzinda momwemo, kenaka n'kutsetsereka mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Madzi amene ndimawadutsa pa mlatho popita ku ntchito ndi omwewo amene amakalowa m'ngalande za sikimu ya mpunga imene boma lidakhazikitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mu sikimu imeneyi muli ndime za amayi anga. Chimwalirireni bambo, ntchito zolemera za m'ndimezo zidatsalira ine. Amayi amatha kupalira, kutsegula ndi kutseka madzi, ndi kuamira mbalame mothandizidwa ndi adzukulu. Koma kumweta, kupuntha, kuyang'anira aganyu, kusoka matumba ndi kulimbana ndi mavenda pa sikelo kumafuna munthu wamphamvu amene ali pomwepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Mpunga sudziwa kuti mwini wake ali pa ntchito ya mwezi. Ukatulutsa ngala, pamapita masiku pafupifupi 30 kuti ukhwime. Ukafika poti mbewu zambiri pa ngala zasanduka zachikasu ngati udzu wouma, nthawi yomweta yakwana, ndipo nthawiyo ndi yaifupi. Mukaumweta msanga mumapeza mphwepwa zambiri. Mukauchedwetsa umayoyoka pomweta, mbalame ndi mbewa zimatengapo gawo lawo, ndipo wotsalawo, chifukwa chouma ndi dzuwa usana n'kunyowa ndi mame usiku, umang'aluka m'kati n'kukasweka ku chigayo. Kilombero wosweka amagulidwa ngati mpunga wamba, fungo lake lonse lija lili pomwepo. Choncho tchuthi changa sichili choti ndingachitenge mwezi uliwonse umene abwana aona kuti ntchito yachepa. Chiyenera kugwa pa masabata ake.

Pa 16 Epulo 2025 amayi adandiimbira foni madzulo. Adati, "Mwanangu, ngala zatuluka pafupifupi munda wonse. Uyambe kuuza mabwana akowo." Ndidaonjeza masiku 30 pa tsikulo n'kupeza 16 Meyi. Ndinkafuna kufika kutatsala masiku angapo, kuti ndikapeze aganyu anzanga asanawatenge onse, ndigule matumba ndi ulusi, ndi kukonza pouma popunthira. Tsiku loyenera kuyamba tchuthi lidali Lolemba, pa 12 Meyi. Funso lotsala lidali lakuti ndili ndi masiku angati, ndipo akandifikitsa pati.

Kuwerengera kumayambira pa tsiku limene munthu adalembedwa ntchito. Ine ndidayamba pa 1 Ogasiti 2023, motero chaka changa cha tchuthi chimayamba pa 1 Ogasiti n'kutha pa 31 Julayi. Malo ena antchito amawerengera aliyense kuyambira Januwale mpaka Disembala, ndipo wolowa pakati pa chaka amamupatsa gawo la miyezi imene wagwira. Njira zonse ziwiri zimafika pamodzi, koma munthu ayenera kudziwa imene ikutsatidwa pamalo pake, apo ayi iye ndi ofesi adzakhala akuwerenga kuchokera pa mizere iwiri yosiyana n'kumadabwa kuti bwanji sakukumana.

Chaka changa choyamba chidatha pa 31 Julayi 2024 ndili ndi masiku 18 athunthu. Mu Seputembala ndidatengapo 12, n'kutsala 6. Mu Januwale 2025 ndidatengapo ena atatu okathandiza kuwokera mpunga womwewu, n'kutsala atatu. Apa pali chinthu chimene anzanga ambiri a pa ntchito sachilabadira. Lamulo limafuna kuti tchuthi chitengedwe pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chithereni chaka chimene chidapezedwa. Kwa ine malire amenewo adali pa 31 Januwale 2025. Masiku angathe kusungidwa kupyola malirewo, koma pokhapokha ngati wantchito ndi womulemba agwirizana. Mu Januwale ntchito idali yothina, ndipo akapitawo adandipempha kuti ndisatenge onse asanu ndi limodzi. Ndidavomera, koma ndidapempha kuti alembe pa fomu yanga kuti masiku atatu otsalawo asungidwa mogwirizana, asaine, aike ndi deti. Adaseka pang'ono, nati ndimakonda mapepala ngati wa ku khoti, koma adalemba. Mzere umodzi umenewo ndi umene udapangitsa kuti mu Epulo masiku atatuwo akhale anga popanda mkangano. Lonjezo la pakamwa limakhala ndi moyo pamene wolinena akadali pa mpando ndipo akukumbukira.

Chaka chachiwiri chidayamba pa 1 Ogasiti 2024. Kuchokera Ogasiti kufika kumapeto kwa Epulo ndi miyezi isanu ndi inayi: Ogasiti, Seputembala, Okutobala, Novembala, Disembala, Januwale, Febuluwale, Malichi, Epulo. Ndimawerenga ndi zala, chifukwa kuchotsera manambala a miyezi pamtima kumataya mwezi umodzi kawirikawiri. Miyezi 9 kuchulukitsa ndi tsiku ndi theka ndi masiku 13 ndi theka. Epulo ndidamuwerengera ngakhale adali asanathe pa tsiku lolemba kalata, chifukwa akanakhala atatha pofika tsiku loyamba tchuthi. Meyi sindidamuwerengere, chifukwa mwezi umene sunagwiridwe mpaka kumapeto sunabale kanthu. Kuphatikiza atatu akale aja ndi 13 ndi theka, ndidapeza masiku 16 ndi theka.

Masiku awiriwa, akale ndi atsopano, mphamvu zake si zofanana. Atatu akale adali okhwima kale, ndipo abwana sakanatha kuwakankhira kutsogolo mpaka kalekale. Koma 13 ndi theka aja adali a chaka chimene chidali chisanathe. Lamulo limavomereza kuti wogwira gawo la chaka ali ndi gawo la tchuthi lolingana ndi miyeziyo, ndipo ntchito ikatha masiku amene sanatengedwe amalipidwa ndi ndalama. Koma kuwatenga chaka chisanathe ndi nkhani ya kumvana ndiponso ya malamulo a pamalopo. Kwathu amalola munthu kutenga masiku amene wapata kale, sakongoza a m'tsogolo. Ndidalowa mu nkhaniyi ndikudziwa kuti pa nambala ndaima pouma, koma pa nthawi yotengera ndikupempha.

Theka lija ndidalisiya. Palibe amene amabwerera ku ntchito masana kuchokera ku Likangala n'kunena kuti wagwira theka la tsiku. Ndidapempha masiku 16.

Tsopano panafika ntchito yoika masikuwo pa kalendala, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya zawo. Tchuthi cha pachaka chimawerengedwa m'masiku antchito. Tsiku limene simukanapita kale ku ntchito silingachotsedwe pa tchuthi chanu, pakuti simungapume pa tsiku limene mudali opuma kale. Kwa ine Lamulungu siliwerengedwa. Ndipo gawo 45 la lamulo lija limaonjeza kuti holide ya boma ikagwa m'kati mwa tchuthi, pa tsiku limene likanakhala la ntchito, tchuthicho chitalikitsidwe ndi tsiku limodzi lolipidwa. Pa 14 Meyi ndi tsiku lokumbukira Kamuzu, ndipo mu 2025 lidagwa Lachitatu.

Ndidatenga kalendala ya pakhoma ndi pensulo. Lolemba pa 12 ndidalemba 1, Lachiwiri pa 13 ndidalemba 2. Lachitatu pa 14 ndidajambula mtanda wodumpha. Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka, pa 15, 16 ndi 17, zidakhala 3, 4 ndi 5. Sabata yoyamba idadya masiku asanu okha. Sabata yachiwiri, kuyambira pa 19 mpaka pa 24, idadya asanu ndi limodzi athunthu, kufikitsa pa 11. Sabata yachitatu idayamba pa 26 ndi nambala 12, ndipo nambala 16 idagwa Lachisanu pa 30 Meyi. Tsiku lobwerera ku ntchito lidali Loweruka pa 31 Meyi. Kuchokera pa 12 mpaka pa 30 ndi masiku 19 a pakalendala, koma a tchuthi ndi 16. Atatu enawo ndi Malamulungu awiri ndi holide imodzi. Ndimakonda kutsimikiza motero, kuchokera kumapeto kubwerera m'mbuyo: masiku onse a pakalendala, kuchotsapo opuma kale, ayenera kufanana ndi amene ndapempha. Zikasiyana, ndiye kuti pensulo yadumpha bokosi.

Fomu ya ku ofesi kwathu ili ndi mipata itatu yokha: tsiku loyamba, chiwerengero cha masiku, ndi siginecha. Ilibe mpata wa tsiku lomaliza ngakhale wa tsiku lobwerera, ndipo ndimaona kuti kusowa kwa mipata iwiri imeneyi ndiko kumabala mikangano yambiri ya tchuthi. Munthu amalemba 16, iye akuganiza za tsiku lina, womusainira akuganiza za lina. Choncho ndidaphatikizapo kalata. Ndidailemba Lachiwiri pa 22 Epulo, Pasaka atangotha, kuti akapitawo akhale ndi masabata pafupifupi atatu okonzekera. Idali yotere:

Kwa Akapitawo a Nyumba Yosungira Katundu,

Pempho la tchuthi cha pachaka: 12 Meyi mpaka 30 Meyi 2025

Bwana, ndikupempha tchuthi cha pachaka cha masiku antchito 16, kuyambira Lolemba pa 12 Meyi mpaka Lachisanu pa 30 Meyi 2025. Tsiku langa lomaliza kugwira ntchito lidzakhala Loweruka pa 10 Meyi, ndipo ndidzabwerera pa ntchito Loweruka pa 31 Meyi nthawi ya masiku onse.

Masikuwa ndawapeza motere. Otsala a chaka chothera pa 31 Julayi 2024, amene mudavomereza mu Januwale kuti asungidwe, ndi 3. Amene ndidzakhale nditapata kuyambira pa 1 Ogasiti 2024 mpaka pa 30 Epulo 2025, miyezi 9 pa tsiku ndi theka, ndi 13 ndi theka. Onse pamodzi ndi 16 ndi theka. Ndikatenga 16 padzatsala theka la tsiku. Powerenga sindidaphatikize Lamulungu la pa 18 ndi la pa 25 Meyi, ndiponso holide ya boma ya pa 14 Meyi.

Ndikukakolola mpunga wa amayi ku Likangala, umene ukhwime pakati pa mweziwu. Mabuku a katundu ndidzawasiya atalembedwa mpaka pa 10 Meyi, ndipo makiyi ndidzapereka kwa amene mudzamusankhe titawerengera limodzi katundu wa m'mashelefu. Foni yanga idzakhala yotsegula madzulo aliwonse.

Ngati mabuku a ku ofesi akusiyana ndi mawerengedwe angawa, chonde tiunikire limodzi tsikulo lisanafike.

Ine wanu pa ntchito.

Chifukwa chopitira sindinkayenera kuchilemba. Tchuthi cha pachaka sichifuna kuti munthu afotokoze kumene akupita, ndipo amene akufuna kukangogona masabata atatu ali ndi ufulu wofanana ndi wanga. Ndidachilemba chifukwa chidali chothandiza pa mbali imene ndinkapempha. Akapitawo nawonso ndi mwana wa mlimi. Kuwauza kuti mpunga ukhwima pakati pa Meyi kudali kuwauza kuti tsiku loyamba silingasunthe kwambiri, popanda ine kunena mawu akuti silingasunthe.

Adandiitana m'mawa mwake. Kalata idali pa tebulo, kalendala yaing'ono pambali pake. Adati, "Achimwene, masiku 16 kuchokera pa 12 akuthera pa 27. Mubwere pa 28. Za pa 31 mwazitenga kuti?"

Adawerenga mabokosi 16 motsatizana, Lamulungu ndi holide momwemo. Sindikhulupirira kuti ankafuna kundibera. Umu ndi mmene anthu amawerengera masiku a china chilichonse, kaya a mankhwala, kaya a ngongole, ndipo pa malo amene antchito sabweretsa mawerengedwe awo, chizolowezi cha wosainayo chimasanduka lamulo. Koma kusiyana kwake kudali masiku atatu, ndipo masiku atatu ali ndi mtengo. Malipiro anga ndi K156,000 pa mwezi, ndipo ofesi yathu imagawa ndi masiku 26 popeza malipiro a tsiku, zomwe zimapereka K6,000. Masiku atatu ndi K18,000. Choopsa kuposa ndalamayo chidali china. Ndikanachoka tisanamvane, iwo akundiyembekeza pa 28, ine ndikudziwa za pa 31, masiku atatuwo akanalembedwa kuti ndajomba popanda chilolezo. Kujomba kumadulitsa malipiro, kumaitanitsa kalata ya chenjezo, ndipo kalatayo imakhala mu fayilo kudikira tsiku limene wina adzaifune.

Ndidati, "Bwana, ndipempheko pensulo yanu." Ndidawaonetsa bokosi la pa 18 n'kufunsa ngati golosale imatsegula Lamulungu. Adati ayi. Ndidafunsa ngati anzanga otsala adzachotseredwe tsiku pa tchuthi chawo chifukwa chokhala kunyumba pa 18 ndi pa 14. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Ayi, amenewo ndi opuma tonse." Sindidatchule khoti kapena ofesi ya leba. Zinthu zimenezo zilipo, ndipo munthu womanidwa tchuthi chake angathe kukadandaula kwa mkulu wa za ntchito wa m'boma lake, koma kuzitchula pa kukambirana koyamba kuli ngati kusolola mpeni pogawana nsima. Adatenga kalata n'kupita nayo kwa a ku ofesi ya malipiro, ndipo atabwerako adati mabuku akugwirizana ndi ine: 16 ndi theka.

Kenaka adatulutsa nkhani yawo, imene idali yoona ngati yanga. Pa 30 ndi pa 31 Meyi padali kuwerenga sitoko kwa mapeto a mwezi, ndipo masiku awiri a patsogolo pake ndi oyanjanitsa mabuku ndi mapepala a katundu wolowa ndi wotuluka. Wosunga katundu akasowa pa nthawi imeneyo, chilichonse chosowa m'mashelefu chimasowa pa dzina lake iye kulibe. "Nambala yanu ndaivomera," adatero, "koma pa 28 ndikukufunani pano."

Apa lamulo lidali kumbali yawo. Gawo 45 lomwe lija limapereka kwa wolemba ntchito mphamvu yosankha tsiku loyambira tchuthi, atakambirana ndi wantchitoyo. Masiku ndi anu, koma kalendala mumagawana ndi amene adakulembani. Ndimaona kuti ndi bwino kuti zili choncho, ngakhale tsiku limenelo zidandiwawa. Golosale imene antchito ake onse ndi ana a alimi a mpunga ikanatseka Meyi yense.

Padali njira ziwiri zofikira pa 28. Yoyamba idali yoyamba tchuthi msanga, Lachinayi pa 8 Meyi. Kuwerenga kuchokera pamenepo, kudumpha Malamulungu a pa 11, 18 ndi 25 ndi holide ya pa 14, tsiku la 16 limagwa Lachiwiri pa 27, ndipo ndikanabwerera pa 28 nditadya masiku anga onse. Koma pa 8 Meyi mpunga ukanakhala usanakhwime, madzi atangotsekedwa kumene, m'ndime muli matope. Ndikanatha masiku atatu ndikuyang'ana ngala ndi kumwa tiyi wa amayi. Njira yachiwiri idali yoyamba pa 12 monga ndidapemphera, kubwerera pa 28 monga ankafunira, koma kulemba chiwerengero choona cha masiku a pakati pake. Kuchokera pa 12 mpaka pa 27 ndi masiku 16 a pakalendala. Kuchotsapo Malamulungu awiri ndi holide imodzi, atsala 13.

Ndidasankha yachiwiri. Munthu woonera patali akanati akapitawo apambana, pakuti tsiku lobwerera lidakhala lomwe adanena poyamba paja. Koma pa fomu padalembedwa 13 m'malo mwa 16. Tidagwirizananso kuti masiku atatu akale aja ndiwo ayambe kuchotsedwa, kenaka 10 a chaka chatsopano, kuti m'buku musatsale tsiku lokalamba limene wina angadzati lidafa. Otsala adakhala atatu ndi theka. Ndidalembanso kalata ndi madeti atsopano, adasaina makope awiri, imodzi ya mu fayilo, ina yanga. Yangayo ndidaijambulanso pa foni, popeza pepala la m'thumba la munthu wopita ku dambo silikhalitsa.

Pali zinthu ziwiri zimene zikanasintha madetiwa tchuthi chili m'kati, ndipo ndi bwino kuzidziwa musananyamuke. Choyamba ndi matenda. Ku Chilwa udzudzu suchita manyazi, ndipo malungo angakugwireni zenga lili m'manja. Lamulo silola kuti tchuthi cha pachaka chiyendere limodzi ndi tchuthi cha matenda. Wodwala ali pa tchuthi apite ku chipatala, atenge kalata ya dokotala yokhala ndi madeti, adziwitse akapitawo tsiku lomwelo, kuti masiku odwalawo aunikidwe padera. Kungobwera mochedwa n'kumati ndinadwala, popanda pepala, n'kujomba basi.

Chachiwiri chimatikhudza ife Asilamu mwapadera. Maholide ambiri a boma ali ndi madeti odziwika chaka chisanayambe: 15 Januwale, 3 Malichi, 1 Meyi, 14 Meyi, 6 Julayi, 15 Okutobala. Idi yomaliza kusala kwa Ramadhani nayonso ndi holide ya boma, koma tsiku lake limadikira kuoneka kwa mwezi, ndipo kalendala yosindikizidwa ingaphonye ndi tsiku limodzi. Ngati tchuthi chanu chikuphimba masiku onse awiri amene Idi ingagwere, ndipo onse ndi antchito, palibe chosintha: mumadumpha tsiku limodzi basi, kaya ndi ili kaya ndi ilo. Vuto limabwera pamene Idi ili kumalire a tchuthi, kapena pamene ingagwe pa tsiku lopuma kale, boma n'kulengeza Lolemba lotsatira kukhala holide. Pamenepo kalata inene poyera kuti holide ikalengezedwa pa tsiku lakuti ndidzabwera tsiku lakuti, ikalengezedwa pa linalo ndidzabwera tsiku lakuti. Akapitawo asainire madeti onse awiri. Idi ya nsembe ndi nkhani ina: mu 2025 sidali pa mndandanda wa maholide a boma, motero wofuna kukaswali ndi kuzinga pamodzi ndi abale kumudzi ankayenera kuchotsa tsikulo pa tchuthi chake, kapena kumvana ndi abwana mwa njira ina. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene masiku atatu ndi theka aja adali a mtengo kwa ine.

Ndidafika ku Likangala Lamulungu pa 11 Meyi, tsiku limene silidandidyere kanthu. Tidayamba kumweta pa 16, ndime ya kumtunda imene idayamba kuuma. Ndime yomaliza tidaimweta pa 22, ndipo kupuntha, kupeta ndi kuyanika kudatifikitsa pa 26. Matumba adalowa m'nyumba Lolemba madzulo. Chimene masiku 13 sadandilole ndicho kugulitsa. Ndidauza amayi kuti asatsegulire venda aliyense chitseko, mpunga ukhale kaye, popeza mtengo wa nthawi yokolola ndi wa wogula. Amayi adati, "Iwe pita ku ntchito yakoyo, matumba salira njala." Lachiwiri pa 27 ndidakwera njinga ya kabaza mpaka pa msewu, ndipo Lachitatu pa 28 ndidalandira makiyi titawerenganso mashelefu ndi mnzanga amene adandigwirira.

Kumayambiriro kwa Juni ndidachotsa tsiku limodzi la Idi ya nsembe, n'kutsala awiri ndi theka. Meyi, Juni ndi Julayi adabala masiku anayi ndi theka. Mwezi umene munthu ali pa tchuthi cholipidwa umawerengedwa ngati wogwira, choncho Meyi adabala mokwanira. Pa 31 Julayi 2025 chaka changa chachiwiri chidatsekedwa ndi masiku 7, theka lija litapeza mnzake. Malire owatengera ndi pa 31 Januwale 2026, ndipo Januwale ndi mwezi wowokera. Ndikayamba Lolemba pa 12 Januwale, kudumpha tsiku la Chilembwe limene likugwa Lachinayi pa 15 ndi Lamulungu la pa 18, tsiku lachisanu ndi chiwiri likhala Lachiwiri pa 20, ndipo ndidzabwerera Lachitatu pa 21. Madetiwo ndawalemba ndi pensulo, chifukwa tsiku lowokera limadalira tsiku limene nazale idzafesedwe, ndipo nazale ikudikira mvula ndi madzi a m'ngalande.